Musanakhulupirire tchati cha mtengo, onani kaye sikelo yake

Anthu ambiri amene ayamba kutsata mitengo ya masheya kapena ya Bitcoin, ndalama ya pa intaneti ija, pafoni amandionetsa chithunzi chofanana. Mzere wa mtengo wagona pansi ngati njoka kwa zaka zambiri, kenaka kumapeto wadzuka n'kuima ngati khoma. Wina akachiona amati, "Tachedwa, chinthuchi chafika kale kumwamba." Mnzake amati, "Chayamba kumene kuthamanga, tigule msanga." Onse awiri akuweruza chithunzi asanafunse kuti chajambulidwa ndi muyeso wanji. Lero ndikufuna tikambirane za muyeso umenewu, womwe ndi manambala aja amene amandandalikidwa m'mbali mwa tchati.

Tiyambire pamsika. Thumba la chimanga likakwera kuchoka pa K5,000 kufika pa K10,000, lakwera ndi K5,000. Likakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K55,000, lakweranso ndi K5,000. Koma wavenda aliyense akuuzani kuti kukwera kuwiriku si kumodzi. Poyamba paja amene anasunga chimanga ndalama yake yabereka inzake yofanana nayo. Kachiwiriko wangopeza K10 pa K100 iliyonse. Masikelo awiri a tchati amasiyanira pomwepa.

Sikelo ya liniya imawerenga ndalama. Mpata wochoka pa 10 kufika pa 20 ndi wofanana ndi wochoka pa 90 kufika pa 100, monga zilili pa rula ya kusukulu. Sikelo ya logarithimu, imene ambiri amangoti logi, imawerenga kuti mtengo wadzichulukitsa kangati. Pa sikelo iyi mpata wochoka pa 10 kufika pa 20 ndi wofanana ndi wochoka pa 100 kufika pa 200, kapena pa 1,000 kufika pa 2,000, chifukwa konseko mtengo wawirikiza kawiri. Kuti mudziwe sikelo imene muli nayo, werengani manambala a m'mbali. Akamapita 20,000, 40,000, 60,000 motalikirana mofanana, ndi liniya. Akamapita 10, 100, 1,000, kapena akamathithikana kumtunda n'kutayana kumunsi, ndi logi.

Tsopano titenge Bitcoin, popeza ndi chinthu chimene chakwera modabwitsa m'zaka zochepa ndipo mbiri ya mtengo wake aliyense angathe kuiona. Sindikukuuzani kuti mugule, ndipo Reserve Bank of Malawi inachenjezapo kale kuti ndalama za mtundu umenewu si ndalama zovomerezeka m'dziko muno. Tikuitenga ngati munda wachitsanzo basi.

Mitengo yoti tigwiritse ntchito ndi iyi, mongoyandikiza. Kumapeto kwa 2013 Bitcoin inafika pa madola pafupifupi 1,100, ndipo pofika Januwale 2015 inali itatsikira cha m'ma 200. Mu Disembala 2017 inayandikira madola 20,000, n'kugwa kufika cha pa 3,200 mu Disembala 2018. Mu Novembala 2021 inafika pafupifupi 69,000, ndipo patatha chaka chimodzi inali cha pa 16,000. Mu Disembala 2024 inadutsa 100,000 kwa nthawi yoyamba.

Tengani pepala, mulembe mzere woima wa masentimita 20. Tiyambe ndi liniya: pansi ndi ziro, pamwamba ndi madola 100,000, kutanthauza kuti sentimita iliyonse ikuimira madola 5,000. Kugwa kwa 2021 mpaka 2022 kunali kwa madola 53,000, ndiye papepala kutenga masentimita oposa 10, theka la pepala lonse. Kugwa kwa 2017 mpaka 2018 kunali kwa madola 16,800, masentimita atatu ndi pang'ono. Nanga kwa 2013 mpaka 2015? Madola 900 okha, osakwana mamilimita awiri, kotero kuti nsonga ya bolopeni ikhoza kukuphimba. Diso likaona zimenezi limati kugwa kwaposachedwa ndiye kunali koopsa zedi, ndipo kale kunalibe vuto lililonse.

Koma funsani thumba la munthu amene anagula pamwamba penipeni nthawi zitatu zonsezi. Wa 2013 anataya pafupifupi 82 pa 100 iliyonse. Wa 2017 anataya 84. Wa 2021 anataya 77. Kugwa kumene kukuoneka kwakukulu papepala ndiko kunali kocheperapo mwa kutatuko, ndipo kumene sikukuoneka n'komwe kunasiya anthu manja ali m'khosi. Tchati cha liniya sichinaname pa nambala iliyonse, koma chabisa zaka zonse zoyambirira chifukwa mitengo ya lero ndi yaikulu kwambiri moti yakale yonse yaphwatalala pansi.

Tembenuzani pepalalo, mulembenso mzere wa masentimita 20, koma pano mwa logi. Pansi pakhale dola imodzi, pamwamba 100,000. Kuchoka pa 1 kufika pa 100,000 ndi makwerero asanu ochulukitsa kakhumi: 10, 100, 1,000, 10,000, 100,000. Khwerero lililonse lipatseni masentimita anayi. Kuti mupeze kutalika kwa kugwa kulikonse, gawani mtengo wapamwamba ndi wapansi, mutenge logi yake, muchulukitse ndi 4. Mu Excel mungalembe motere:

```
=LOG10(20000/3200)*4
=LOG10(69000/16000)*4
```

Yoyamba ikupatsani masentimita pafupifupi 3.2, yachiwiri 2.5, ndipo kugwa kwa 2013 mpaka 2015 kukwana pafupifupi 3. Tsopano maenje atatuwa akuoneka onse, ndipo ndi ofananako kuya. Phunziro limene liniya inabisa latulukira: chinthuchi chili ndi chizolowezi chogwa ndi magawo atatu mwa anayi kapena kuposa, ndipo chachita zimenezi mobwerezabwereza.

Pali chinthu china chimene logi imaulula, ndipo kwa ine n'chachikulu kuposa maenjewo. Yang'anani nsonga zokha. Kuchoka pa 1,100 kufika pa 20,000 ndi madola 18,900, pamene kuchoka pa 20,000 kufika pa 69,000 ndi madola 49,000. Pa liniya zikuoneka ngati liwiro likuwonjezeka. Koma ulendo woyamba mtengo unachulukitsidwa pafupifupi ka 18, ndipo wachiwiri katatu ndi theka kokha. Pa logi mzere wolumikiza nsongazi umapindika n'kuyamba kuwerama ngati nthambi yolemedwa ndi mango. Mzere wowongoka pa logi umatanthauza kuti chinthu chikukula ndi maperesenti ofanana chaka ndi chaka, monga ngongole ya katapila imene chiwongoladzanja chake chimaberekanso china. Mzere ukamawerama, kukula kukuzirala ngakhale madola akuchuluka. Amene amayembekeza kuti K100,000 yake ichita zimene inachita ya anthu a 2013 ayenera kuona kupindika kumeneku asanatulutse ndalama.

Ndiye malangizo anga oyamba ndi awa. Mukamaona tchati cha zaka zambiri, ndipo mtengo wapamwamba ukuposa wapansi kasanu kapena kakhumi, sinthani mupite pa logi. Pa TradingView, tsamba la pa intaneti loonerapo matchati a mitengo, dinani batani lakumanja la mbewa pa manambala a mtengo n'kusankha `Logarithmic`, kapena mugwiritse `Alt+L`. Mu Excel pitani pa `Format Axis` muchonge `Logarithmic scale`. Ngati mukungoona masabata angapo ndipo mtengo wayenda ndi maperesenti 10 kapena 20, musavutike, masikelo awiriwa aoneka pafupifupi chimodzimodzi, ndipo liniya ndi yosavuta kuwerenga pofuna kudziwa makwacha enieni amene mwapindula kapena kuluza.

Komatu logi nayo ili ndi mbuna zake, ndipo sindingakhale mlangizi wabwino nditazibisa. Imatonthoza mtima mopitirira. Papepala lathu lija, mtengo ukagwa ndi theka umangotsika sentimita imodzi ndi mamilimita awiri. Pafoni kumeneko ndi kakhwinya chabe. Munthu amene anaika ndalama ya fizi ya mwana n'kutsala ndi theka sangakuuzeni kuti ndi kakhwinya. Ndiponso kuti mtengo uchoke pa 16,000 kubwerera pa 69,000 unayenera kuchulukitsidwa kanayi ndi kupitirira, ndipo amene anagula mu Novembala 2021 anadikira mpaka Malichi 2024 kuti mtengo ufikenso pamene anagulira. N'chifukwa chake otsatsa malonda amakonda logi akafuna kuti kugwa kuoneke kochepa, ndipo amathamangira ku liniya akafuna kuti kukwera kuoneke ngati roketi. Wina akakutumizirani chithunzi pa WhatsApp manambala a m'mbali atadulidwa, mufunseni chifukwa chake. Chizolowezi chabwino n'chakuti dzenje lililonse limene mwaliona pa logi muliwerengere m'maperesenti, kenaka muliyerekeze ndi ndalama yanuyanu.

Mbuna yachiwiri ndi ya mizere imene anthu amajambula polumikiza mitengo yapansi kuti aone kumene zinthu zikulowera. Mzere wowongoka pa liniya umati mtengo ukuwonjezera madola ofanana mwezi uliwonse. Mzere wowongoka pa logi umati ukuwonjezera maperesenti ofanana. Awa ndi malonjezo awiri osiyana, ndiye mukasintha sikelo mzere uja umadutsa pena. Mutha kuona mtengo utaswa mzere pa sikelo ina pamene pa inzake sunaukhudze n'komwe. Jambulani mzere pa sikelo imene mukuwerengera, mulembe pambali kuti ndi iti. Ndipo musautalikitse mpaka zaka khumi zikubwerazo ngati kuti ndi msewu wa tala. Mzere wa logi ukautambasula umafika msanga pa mitengo yoposa chuma chonse cha padziko, chizindikiro chakuti kukula kotero kuyenera kuzirala penapake.

Dziwaninso kuti logi ilibe ziro. Pansi pa tchati ndi nambala imene wojambula wasankha, ndiye tchati choyambira pa dola imodzi ndi choyambira pa 1,000 zimapatsa dzenje limodzimodzi kuya kosiyana.

Kwa inu amene mukutsata masheya a pa Malawi Stock Exchange, zonsezi zikukukhudzani, chifukwa masheya ena, makamaka a mabanki, akwera kangapo m'zaka zaposachedwa, ndipo pa liniya zaka zawo zoyambirira zafufutika. Koma pali china chimene sikelo iliyonse singakukonzereni: tchaticho chili m'makwacha. Mu Novembala 2023 dola inachoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Sheya imene inakwera kuchoka pa K100 kufika pa K144 kudutsa nthawi imeneyo ioneka yokwera pa liniya ndi pa logi pomwe, koma m'madola yangoima pamalo amodzi. Ngati muli ndi mitengo mu Excel, onjezani danga lina logawa mtengo wa sheya ndi mtengo wa dola wa tsiku limenelo, kenaka mujambule mizere yonse iwiri pa logi. Mpata umene ukukula pakati pa mizere iwiriyo ndi gawo la kukwera limene labwera chifukwa cha kufooka kwa kwacha, ndipo mzere wa madola ndi umene ukuonetsa zimene kampaniyo yakupindulirani.