Kumasulira ndandanda ya makalasi m'Chiarabu: samalani ndi Lachiwiri

Mnzanga wina amene amagwira ntchito m'sitolo ku Doha n'kumaphunzira madzulo ananditumizira chithunzi cha ndandanda ya makalasi ake, yolembedwa m'Chingerezi. Bwana wake ankaifuna m'Chiarabu kuti adziwe masiku omuwerukitsa msanga. Anali atayesa kale yekha, ndipo kalasi iliyonse anaiika pa tsiku lolakwika. Chimene chinamusokoneza ndi Chichewa chathu chomwechi.

Ife timawerenga masiku kuyambira Lolemba, n'chifukwa chake timati Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Aluya nawonso amatchula masiku ndi manambala, koma amayambira Lamulungu. Lamulungu ndi الأحد, kuchokera ku liwu loti "chimodzi". Ndiye الاثنين, limene limatanthauza "ziwiri", ndi Lolemba, osati Lachiwiri. Lachiwiri lathu ndi الثلاثاء, la "zitatu". Lachitatu ndi الأربعاء. Lachinayi ndi الخميس, la "zisanu". Amene waphunzirako manambala a Chiarabu ndi amene amagwa msanga mu msampha umenewu, chifukwa akamva "hamsa", kutanthauza zisanu, mutu umathamangira ku Lachisanu. Lachisanu lenileni ndi الجمعة, tsiku la Juma, ndipo Loweruka ndi السبت. Awiriwa savuta.

Pa chithunzi chake masiku sanalembedwe athunthu. Mzere umene tinayambira unali uwu:

```
UTR  5:00-5:50 PM  LEC  B-204
```

Mayunivesite angapo a m'maiko a Aluya amene amaphunzitsa m'Chingerezi amagwiritsa ntchito U kuimira Lamulungu ndi R kuimira Lachinayi, poti S ndi T zingasokoneze. Choncho UTR ndi Lamulungu, Lachiwiri ndi Lachinayi. Musasiye zilembozi momwemo, bwana sangazimve. Lembani masiku atatuwo m'mawu. Kumbukiraninso kuti ku Qatar, Saudi Arabia ndi Oman sabata ya sukulu imayamba Lamulungu kutha Lachinayi, pamene ku United Arab Emirates anasintha mu 2022, amayamba Lolemba.

Pa nthawi ndi pamene ndinachedwa kwambiri. Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, koma nambala iliyonse payokha imawerengedwa ngati mmene timawerengera ife. Mukalemba 5:00-5:50 pakati pa mawu a Chiarabu, foni ina imaonetsa 5:50 kumanzere, ina kumanja, ndipo wowerenga sadziwa poyambira. Chotsani kamzere kapakatiko, mulembe "kuyambira" ndi "mpaka", ndiko kuti من ndi إلى. M'malo mwa AM ikani ص, m'malo mwa PM ikani م. Ine ndimakonda kulemba mawu onse, صباحًا ndi مساءً, chifukwa kachilembo kamodzi kamasowa pepala likasindikizidwa mofooka. Ya 12 koloko masana lembani ظهرًا.

Nanga manambala, muwasinthe? Ine ndimati ayi, pokhapokha atakuuzani. Amene timalemba ifewa amawerengedwa paliponse, ndipo ku Morocco, Algeria ndi Tunisia ndi omwewa amene amagwiritsa ntchito. Manambala enawo, olembedwa m'Chiarabu, ali ndi zopinga kwa diso lathu: ٥ ndi 5 ngakhale akuoneka ngati ziro, ٦ ndi 6 ngakhale akufanana ndi 7, ndipo ziro ndi kadontho chabe, ٠. Mnzangayu, powerenganso zimene analemba yekha, ٥:٥٠ anaiona ngati pakati pa usiku.

Nambala ya chipinda musaimasulire. B-204 ikhale B-204, monga ilili pachitseko. Mukasintha B kukhala ب, munthu azikafunafuna chikwangwani chimene kulibe. Ingowonjezani liwu lofotokoza patsogolo: قاعة pa chipinda, مبنى pa nyumba, مختبر pa labotale (ku Egypt amakonda معمل). LEC, chidule cha "lecture", ndi محاضرة. Mzere uja unathera chonchi:

```
الأحد، الثلاثاء، الخميس
من 5:00 إلى 5:50 مساءً
محاضرة، قاعة B-204
```

Za chithunzi chenichenicho, jambulani mutaima pandunji pa pepala, osati chapambali. Cha mnzangayu chinali chopendekera, chojambulidwa kudzera pagalasi la bolodi, moti kalasi ya mumzere wachitatu inkaoneka ngati ya mumzere wachinayi. Yambani mwakopera zonse m'Chingerezi momwemo, mzere ndi mzere, kenako muzimasulira. Pamenepo yang'anitsitsani O ndi 0, komanso I ndi 1, makamaka mu nambala za zipinda. Bokosi limodzi likatenga malo a maola awiri, imeneyo ndi kalasi imodzi yaitali, kawirikawiri ya mu labotale.

Ngati mukufuna tebulo, litembenuzeni lonse kuti Lamulungu likhale kumanja kwenikweni. Ife tinaona kuti n'zotaya nthawi. Tinangolemba mizere itatu pa kalasi iliyonse, n'kumata chithunzi choyambirira m'munsi mwake kuti bwana akakayikira afananize yekha manambala.