Kusambila mu dziwe na nkoloko ya Garmin: zocita kuti ipime bwino mtunda

Mukasankha Pool Swim, mbali ya nkoloko yopimila kusambila mu dziwe, nkoloko sisewenzetsa GPS. Imangomva mmene dzanja likuyendela. Mukafika ku cipupa, kutembenuka na kudzikankha na mapazi, iyo imaŵelenga ulendo umodzi. Mtunda umene imaonetsa ni maulendo amenewo kuculukitsa na utali wa dziwe umene munaika.

Conco musanaloŵe m'madzi, tsegulani Pool Size na kusankha utali woyenela. Nkoloko imasunga utali umene munaika komaliza, ndipo sidziŵa kuti lelo muli ku dziwe lina. Maiwe a mpikisano amakhala a mamita 25 kapena 50, koma a pa hotela na pa nyumba satsatila muyeso umodzi. Pimani na tepi kucoka ku cipupa kufika ku cinzake, ndiyeno lembani nambalayo pa Custom. Ngati dziwe ni la mamita 18 koma nkoloko ili pa 25, maulendo 20 adzaoneka ngati mamita 500, pamene mwasambila mamita 360 cabe. Samalaninso kuti musasankhe mayadi m'malo mwa mamita, cifukwa mayadi 25 ni mamita 22.86.

Maulendo akaculuka kuposa amene mwasambila, kambili cimakhala cakuti munaima pakati pa dziwe, mwina kukonza magalasi a m'madzi kapena kupatsa mnzanu njila. Nkoloko imayesa kuti mwafika ku cipupa. Akacepa, ndiye kuti simunadzikankhe mwamphamvu potembenuka. Kankhani cipupa na mapazi onse aŵili, tambasulani manja kutsogolo, ndipo lekani thupi liyandame pang'ono musanayambe kupalasa.

Vuto mungalione mu Garmin Connect, pulogilamu ya pa foni imene imasunga zimene nkoloko yapima, poyang'ana nthawi ya ulendo uliwonse. Ngati mumatenga masekondi 30 pa ulendo, koma mwapeza wina wa 14 wotsatizana na wa 17, umenewo ni ulendo umodzi umene waduka paŵili. Wa masekondi 60 ni aŵili amene aphatikizika.

Mtundu wa kasambilidwe nkoloko imaudziŵa ulendo ukatha, ndipo imalemba Free, Back, Breast kapena Fly. Musasinthe kasambilidwe pakati pa dziwe, yembekezani mufike ku cipupa. Mangani lamba kuti nkoloko isagwedele pa dzanja. Imaŵelenga dzanja limene mwaivala cabe, conco nambala ya kupalasa mu Free ikaoneka ngati theka la imene mwaŵelenga na manja onse aŵili, palibe colakwika.

Pomenya madzi na miyendo yokha mutagwila bodi, dzanja siliyenda ndipo nkoloko siiŵelenga bwino. Apa sewenzetsani Drill Log: yambitsani nthawi, mukatsiliza lembani mwekha mtunda umene mwasambila. Mukafuna kupuma ku cipupa, tinikani batani la LAP, ndipo tinikaninso poyambanso kusambila.