Musataye madzi otsala popanga tchizi

Mukathira mandimu kapena viniga mu mkaka wotentha, mkakawo umaundana n'kusiya madzi achikasu obiriwira pang'ono, omwe pa Chingerezi amati whey. Pa malita 10 a mkaka mumatsala madziwa pafupifupi malita 9. Mbali yaikulu ndi madzi enieni, pafupifupi magawo 93 pa 100, koma muli shuga wa mumkaka, kashiamu, mavitamini a gulu la B ndi mapuloteni ochepa amene thupi limagaya mosavuta.

Pophika zikondamoyo kapena masikono, thirani madziwa m'malo mwa mkaka, muyezo womwewo. Chifukwa ndi owawasa, amagwirizana bwino ndi soda: theka la supuni yaing'ono pa kapu imodzi ya madziwa likukwanira. Mukachulukitsa soda, chikondamoyo chimada mkati ndipo chimamveka ngati sopo. Buledi wa yisiti wothira madziwa amapsa msanga kunja chifukwa cha shuga wa mumkaka uja, choncho chepetsani moto pang'ono.

Ngati chakumwa, asakanizeni ndi nthochi kapena malambe, koma awiritseni kaye ngati mkakawo sunawiritsidwe. Amene mkaka umawatsegula m'mimba, madziwanso awatsegula.

Nkhumba zimawakonda kwambiri. Yambani ndi lita imodzi patsiku pa nkhumba yomwe yaleka kuyamwa, muzionjezera pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri, mukusakaniza ndi madeya. Mukazipatsa ambiri nthawi imodzi zimatupa mimba ndi kutsegula. Madzi ochokera ku tchizi chothira mchere ndi oopsa kwa nkhumba ngati mulibe madzi akumwa m'khola. Nkhuku muzingozinyowetsera madeya pang'ono, chifukwa sizigaya bwino shuga wa mumkaka.