Momwe mungasewerere unyolo wa mawu m'Chichewa osauduka msanga

Masewera awa ndi osavuta kuwafotokoza. Munthu mmodzi amatchula mawu, wotsatira amatchula ena oyamba ndi lembo lomwe mawu a mnzakeyo athera, ndipo zimapita choncho mpaka wina atasowa chonena. Ana ambiri amawadziwira m'kalasi ya Chingerezi. Kunyumba kwathu tinawayesa m'Chichewa tsiku lina magetsi atazima, ndipo sitinathe ndi mphindi zisanu zomwe, unyolo unali utaduka. Poyamba ndinkayesa kuti anawo sakudziwa mawu okwanira, koma vuto silinali pamenepo ayi. Linali pa kapangidwe ka chiyankhulo chathu.

Tchulani mawu alionse a Chichewa amene akubwererani m'mutu: nsima, mbale, madzi, moto, galu. Onse akuthera ku lembo la liwu, a, e, i, o kapena u. Ngakhale mawu obwereka timawaveka lembo la liwu kumapeto, n'chifukwa chake timati sukulu, buku, tebulo. Ndiye mukangotchula mawu oyamba, malembo opanda liwu monga b, k, m ndi n amakhala atatuluka m'masewera, sabweranso. Mumatsala ndi zitseko zisanu zokha, ndipo zitatu mwa izo ndi zopapatiza kwambiri. Nazi njira ziwiri zosewerera, yoyamba yotsata lembo lomaliza ndendende, yachiwiri yomwe ine ndimaikonda.

Gwirizanani malamulo musanatchule mawu oyamba

Khalani mozungulira, anthu awiri mpaka asanu ndi mmodzi. Mukachuluka kuposa apo, ana aang'ono amatopa n'kudikira. Aliyense atole timiyala titatu kapena njere zitatu za nyemba. Wolephera amaponya kamwala kamodzi pakati, ndipo iyeyo ndiye amayambitsa unyolo watsopano. Amene timiyala tamuthera wagonja, amene watsala nato yekha wapambana. Timiyalati timathandiza kuti mwana asatuluke pa kulakwa koyamba n'kumangoonerera anzake.

Malamulo ofunika ndi atatu. Loyamba, mutchule mayina a zinthu okhaokha, osati aneni. Mukalola aneni masewera satha, chifukwa munthu akhoza kunena akudya, adadya, adzadya, anadya mpaka kucha. Lachiwiri, mawu asabwerezedwe, ndipo apa pafunika munthu mmodzi wolemba papepala, yemwenso akhale woweruza pakabuka mkangano. Lachitatu ndi nthawi: onse muziwomba m'manja pang'onopang'ono kakhumi, ndipo kukafika kakhumi munthu asanayankhe, kamwala kapita.

Mugwirizanenso kuti a waulemu saloledwa. Munthu asamanene kuti a Phiri, a Banda, a mfumu pofuna kuthawa. Koma mayina ochulukitsa monga ana, agalu ndi alimi ndi ololedwa.

Njira yoyamba: lembo lomaliza

Kuti musewere bwino njira iyi muyenera kudziwa komwe kuli mawu ambiri ndi komwe kuli chilala. Ku a kuli mawu osawerengeka chifukwa cha mayina ochulukitsa aja, kuphatikizapo adyo ndi anyezi. Ku u nakonso ndi kolemera: ufa, uchi, udzu, usipa, utaka, utsi, ulendo, ukwati, ufulu, ulemu. Ku i kuli ochepa, monga imfa, imvi, inswa, injini ndi inki. Ku o kuli ofesi ndi ola, kenako mumadalira mawu ngati odwala ndi ophunzira ngati mwagwirizana kuwalola. Koma chilala chenicheni chili ku e. Anthu ambiri amakumbukira anayi basi: eni, ekala, edzi ndi emvulopu.

Choncho wosewera wochenjera amakankhira mnzake ku e. Taonani masewera a anthu awiri awa. Woyamba akuti nyumba. Wachiwiri akuti abale, wamuponyera e. Woyamba akuti eni, wachiwiri akuti imfa. Woyamba wabweza moto ndi atate, wachiwiri wathawira ku ekala. Woyamba akuti achule, wachiwiri akuti edzi. Woyamba akuti inswa, wachiwiri akuti ambuye. Woyamba wakanda mutu, wakumbukira emvulopu manja atawombedwa kasanu ndi kawiri. Wachiwiri akungoti ukonde. Apa e wabwera kachisanu, mawu anayi aja atha, ndipo woyamba waponya kamwala. Unyolo wonse wakwana mawu 12.

Amene wamvetsa zimenezi amawerenga chamumtima kuti e wagwa kangati, ndipo amasunga mawu ngati ukonde, ubale kapena achimwene kuti awatulutse pomwe mnzake alibe pothawira. Njira iyi ndi yabwino kwa ana ongoyamba kumene kuwerenga, chifukwa imawazoloweretsa malembo a liwu asanu aja. Koma mukasewera katatu kapena kanayi mudzaona kuti mawu akumangokhala omwewomwewo.

Njira yachiwiri: phatikizo lomaliza

M'malo motenga lembo limodzi, tengani phatikizo lonse lomaliza, monga momwe aphunzitsi amadulira mawu mu sitandade 1: nsi-ma, ga-lu, nyu-mba. Maganizo awa si achilendo. Ku Japani kuli masewera otchedwa shiritori, ndipo amatsata phatikizo lomaliza chifukwa kalembedwe kawo kotchedwa kana kali ndi chizindikiro chimodzi pa phatikizo lililonse. Mawu awo ambiri amatheranso ku liwu ngati athu. Iwonso amalola mayina okhaokha ndipo salola kubwereza. Lamulo lawo lotchuka ndi lakuti wotchula mawu othera ndi n wagonja, popeza palibe mawu awo oyamba ndi n ameneyo. Mwana akalandira mawu akuti rappa, kutanthauza lipenga, n'kuyankha kuti pan, kutanthauza buledi, wadzigwetsa yekha.

M'Chichewa njira iyi imatsegula zitseko zonse. Yambani ndi ng'ombe. Phatikizo lomaliza ndi mbe, ndiye wotsatira akuti mbewa. Wa akubala wailesi, si akubala sitima, ma akubala madzi. Kuchoka pa madzi tikupita ku dzina, kenako nanazi, zipatso, tsoka, kalulu, luso. Mawu 11 apita kale ndipo unyolo ukadali wamphamvu, chifukwa so akhoza kubala sopo kapena sokosi.

Pomwe anthu amakanganirana kwambiri ndi pa kadulidwe ka mawu, choncho woweruza adziwe izi. Malembo opanda liwu akatsatana amapita pamodzi ndi lembo la liwu lomwe lili patsogolo pawo. Nyumba imathera ku mba, osati ba, kotero bambo ndi yankho lolakwa pomwe mbale, mbatata ndi mbalame ndi olondola. Munda umathera ku nda, ndipo umafuna ndalama kapena ndale. Munthu amathera ku nthu, ndipo amene sadziwa nthumwi kapena nthudza amagwa pomwepo. Ngati wina akukayika, auzeni atchule mawuwo pang'onopang'ono akuwomba m'manja kamodzi pa phatikizo lililonse. Zomwe zatuluka pa kuwomba komaliza ndizo zofunika.

Chinanso ndi malembo omveka mofanana. Ta si tha, ka si kha, pa si pha. Wolandira mbatata anene tambala, asanene thabwa. Wolandira tsoka anene kapu, asanene khasu. Chimodzimodzi ngo ndi ng'o: mtengo umayitana ngolo, ngozi kapena ngongole, koma ng'oma ndi ng'ona ayi. Ine pamenepa sindichita chifundo ngakhale kwa mwana, chifukwa ndi kulakwitsa komweku komwe kumaoneka m'makope awo akamalemba chimangirizo.

Msampha wa r

Nafenso tili ndi msampha wathu wofanana ndi n wa ku Japani uja. Pa kalembedwe ka Chichewa, r amabwera pambuyo pa e kapena i, ndipo mawu athu enieni sayamba ndi r. Komatu mawu othera ku ra, re, ri, ro ndi ru ndi ambirimbiri: njira, dzira, mpira, mchere, phiri, nzeru, mbendera. Ndiye musanayambe musankhe chimodzi. Ngati mukusewera ndi ana aang'ono, r muzimutenga ngati l, kuti njira ibale lamba ndipo phiri libale lilime. Ngati ndinu akuluakulu, ikani lamulo lakuti wotchula mawu othera ku phatikizo la r waluza kamwala.

Lamulo lachiwirili ndi lomwe limakometsa masewera, chifukwa mawu obwera msanga m'mutu nthawi zambiri ndiwo amsampha. Taonani: mtengo, ngolo, loko, kope, pepala, lalanje. Wolandira nje manja akuwombedwa amathamangira njere, ndipo wagwa. Akanadekha akananena njenjete, mnzake n'kupitiriza ndi tebulo. Zomwezo zimachitika pa madzi, pomwe pakamwa pamafuna kunena dzira m'malo mwa dziko kapena dzino, komanso pa njanji, pomwe njira imabwera msanga kuposa njinga ndi njiwa.

Palinso maphatikizo ena ouma omwe muyenera kuwakonzekera. Nkhuni imathera ku ni ndipo moyo umathera ku yo, ndipo mayina oyamba choncho ndi osowa zedi. Kwathu timati amene waponya phatikizo louma ayenera kukhala ndi yankho lake iye mwini. Mnzake akalephera amaloledwa kufunsa kuti, "Nanga inu mukanati chiyani?" Ngati woponyayo naye alibe, kamwala kochoka ndi kake. Mawu othera ku wu ndi yi, monga mbewu ndi mayi, ena amawalemba mbeu ndi mai, choncho timalola kuti ayankhidwe ndi u kapena i, monga uchi kapena imvi.

Mukazolowera, chepetsani bwalo posankha mutu umodzi, monga mayina a malo. Ndi lembo lomaliza mutu uwu ndi wovuta, chifukwa pa maboma 28 a dziko lino palibe loyamba ndi lembo la liwu, ndipo mumapulumukira ku Ulongwe, Usisya ndi mayina a Chingoni a ku Mzimba monga Ekwendeni, Embangweni ndi Euthini. Koma ndi phatikizo ulendo umayenda: Salima, Mangochi, Chileka, Karonga, Ngabu. Amene walandira Chileka akhozanso kukhotera ku Kasungu, n'kusiyira mnzake ngu, yemwe ayenera kukumbukira Nguludi manja asanakwane kakhumi.