Kuzimitsa ndi kuyatsanso rauta: kachitidwe koyenera ndi zimene sikungakonze

Rauta ndi kakompyuta kakang'ono, ndipo imasunga zinthu m'malo awiri. Malo oyamba amasunga dzina la wayifayi, mawu achinsinsi ndi zonse zimene anatchera amene anaiika, ndipo izi sizifufutika magetsi akazima. Malo achiwiri ndi memori yogwirira ntchito, mmene imalembamo kuti foni yakuti yapatsidwa adiresi yakuti, imene ndi nambala yoizindikirira pa netiweki, komanso kuti uthenga wakuti ubwerere kwa yani. Rauta ikagwira ntchito masabata ambiri osapuma, memori imeneyi ikhoza kudzaza kapena pulogalamu ina mkatimo n'kuima, ndipo kuzimitsa kumasesa malo achiwiriwa okha basi.

Musanakhudze pulagi, yang'anani kaye tinyali ta kutsogolo ndi kuona kamene kazima, kamene kakuphethira ndi kamene kafiira, chifukwa mukazimitsa umboni umenewu umapita. Kenako zulani pulagi pasoketi, ndipo ngati pali modemu yapadera imene imalandira nthambo yochokera kunja, izuleninso. Dikirani masekondi 30 athunthu. Ambiri amazula n'kubwezera nthawi yomweyo, osadziwa kuti muli tizipangizo timene timasunga magetsi kwa kanthawi, moti rautayo mwina siinazimiretu. Poyatsa yambani ndi modemu, muipatse mphindi ziwiri kufikira tinyali take titakhazikika, kenako ndiye muyatse rauta n'kudikiranso chimodzimodzi. Mukasemphanitsa, rauta imapempha adiresi kumene kulibe woyankha, ndipo marauta ena amachedwa kupemphanso.

Tiyerekeze ofesi imene ili ndi intaneti ya fayiba, momwe mafoni akusonyeza mizere ya wayifayi yodzaza koma palibe tsamba limene likutseguka. Mizere yodzazayo imangonena za kulumikizana kwa foni ndi rauta, sinena kanthu za njira yotulukira kunja. Mukayang'ana pamodemu n'kupeza kanyali kolembedwa `LOS` kafiira, ndiye kuti kuwala kwa m'nthambo ya fayiba sikukufika: nthambo yaduka, yapindika kwambiri, yamasuka polowera, kapena vuto lili kwa kampani imene imakupatsani intaneti. Apa ngakhale mutazimitsa kakhumi palibe chisinthe. Onani ngati nthamboyo yalowa bwino, osasuzumira kumapeto kwake chifukwa kuwalako kumawononga maso, kenako imbirani kampani. Koma `LOS` ikakhala yozima ndipo kanyali kena kolembedwa `PON` kakuyaka mosaphethira, fayiba ili bwino, ndipo mpamene kuzimitsa kungathandize. Chizindikiro china chili pakompyuta: adiresi yake ikayamba ndi `169.254`, ndiye kuti rauta siinaipatse adiresi ndipo yangodzipatsa yokha. Limeneli ndi vuto limene kuyatsanso kumathetsa kawirikawiri, ndipo mudzadziwa kuti zatheka adiresi ikabwerera ku nambala zozolowereka, monga zoyamba ndi `192.168`.

Zimene kuzimitsa sikukonza n'zambiri ndithu. Sikubwezera bandulo yomwe yatha, sikuwonjezera liwiro limene munalipira, ndipo sikuboola khoma la konkireti limene likufooketsa wayifayi m'chipinda chakutali. Pamenepo chofunika n'kusuntha rauta kuti ikhale pakati, pamwamba ndi poyera. Ngati chovuta ndi foni imodzi yokha pamene zina zonse zikuyenda bwino, ndikulangizani kuti muyambe ndi foniyo, musasokoneze anthu onse pachabe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kabatani kobisika m'kabowo kumbuyo, kolembedwa `Reset`. Pa marauta ambiri, mukakakanikiza ndi singano kwa masekondi ngati 10, mumafufuta malo oyamba aja, ndipo rauta imabwerera mmene inachokera kufakitale: dzina la wayifayi ndi mawu achinsinsi zimakhala zija zolembedwa pakapepala ka pansi pake, ndipo ngati kampani inalowetsamo dzina ndi nambala zolumikizira, intaneti siibwera mpaka zitalowetsedwanso. Musakakhudze pokhapokha mutakhala nazo zonsezo polembedwa. Musazulenso pulagi pamene rauta ikusonyeza kuti ikuika pulogalamu yatsopano, popeza kuidula pakati kukhoza kuipheratu.

Rauta imene ikufuna kuzimitsidwa tsiku ndi tsiku ili ndi nthenda ina imene kuzimitsako kukungoibisa. Igwireni ndi dzanja: ikakhala yotentha kwambiri, ichotseni m'kabati kapena padzuwa ndipo mupukute fumbi m'timabowo topitira mphepo. Ikamazima n'kuyaka yokha, kayikirani adaputa yake ya magetsi, ndipo muyese ina yofanana mavoti ndi nambala yolembedwa pa yakaleyo, monga `12V`, komanso ya maampu osachepera a yakaleyo. Zonsezi zikalephera, lembani kwa sabata imodzi nthawi imene intaneti yaduka ndi mmene tinyali tinalili, kuti mukamaimbira kampani adziwe ngati akubwera kudzakonza nthambo kapena kudzasintha rauta.