Momwe mungasankhire dzina la imelo yofunsira ntchito loti simudzalisintha

Munthu wolemba anthu ntchito akatsegula imelo yanu, amayamba kuona dzina la adiresi asanawerenge kalata yanu yofunsira ntchito. Dzina loseweretsa lomwe munasankha muli pasukulu lingathe kukhala la anzanu basi. Tsegulani adiresi ina ya zinthu zofunika: ntchito, banki, sukulu ndi maofesi a boma.

Choyamba, tengani chiphaso chanu ndi masatifiketi, muone momwe dzina lanu lidalembedwera. Adiresi ichokere pamenepo, kuti woyang'ana mapepala anu adziwe msanga kuti imeloyi ndi mapepalawa ndi za munthu mmodzi. Tiyerekeze kuti pachiphaso palembedwa Tadala Grace Mwale. Mbali ya adiresi yobwera chizindikiro cha @ chisanafike muyambe kuyesa motere:

```
tadala.mwale
```

Kawirikawiri mudzauzidwa kuti dzinalo lidatengedwa kale. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, chifukwa amangodina dzina lomwe makina awapatsa, lokhala ndi manambala anayi kapena asanu kumapeto. Musafulumire. Dziwaninso kuti ku Gmail kadontho sikawerengedwa: `tadala.mwale` ndi `tadalamwale` ndi adiresi imodzi, ndiye kuchotsa kapena kusuntha kadontho sikungakuthandizeni. Chothandiza ndi kusintha zilembo zenizeni. Ikanipo chilembo choyamba cha dzina lapakati, kapena dzina lonselo, kapena muyambe ndi dzina la makolo:

```
tadala.g.mwale
tadala.grace.mwale
mwale.tadala
```

Gmail imalola zilembo ndi manambala kuyambira 6 mpaka 30, choncho malo alipo okwanira. Onsewa akakanika, yesani ku Outlook, chifukwa dzina lotengedwa ku Gmail likhoza kukhala lopanda mwini kumeneko. Ine ndimaona kuti dzina loyera ku kampani ina ndi labwino kuposa dzina lodzaza manambala ku kampani yomwe mudazolowera.

Nanga chaka chobadwa? Anthu amachikonda chifukwa sachiiwala, koma chisiyeni. Chimaulula msinkhu wanu kwa wolemba ntchito asanaone luso lanu, komanso munthu wachinyengo amakhala wapeza dzina lanu lonse ndi chaka chanu pamalo amodzi. Ngati nambala ndi yosapeweka, ikani imodzi kapena ziwiri zosanena kanthu za inu.

Chachiwiri, dzifunseni ngati dzinalo lidzakhalebe loona pakapita zaka 10. Mawu onena za ntchito, monga `tadala.teacher`, amaoneka bwino lero, koma tsiku lomwe mudzafunsire ntchito ya mtundu wina adzakhala osocheretsa. N'chimodzimodzi dzina la tauni, la sukulu, la wokondedwa, ngakhale chaka chomwe mwatsegula akauntiyo. Ngati mukuyembekezera kusintha dzina la makolo mukalowa m'banja, dzina loyamba ndi lapakati, `tadala.grace`, silingakuvuteni m'tsogolo. Ndipo musafunsire ntchito ndi imelo yomwe mudapatsidwa kuntchito kapena kukoleji. Imeneyo ndi ya eni ake. Mukachoka amatha kuitseka, mayankho anu n'kumagwera m'bokosi lomwe simungathenso kulitsegula.

Chachitatu, ndipo ichi ndimachiona chachikulu: musanadine batani lomaliza, imbirani foni mnzanu, mumutchulire adiresiyo kamodzi kokha, iye ailembe n'kukutumizirani. Akalemba molondola, dzinalo lakhoza. Akafunsa kuti "ubwereze", pali vuto, ndipo wa kuofesi adzaphonya pomwepo. Zosokoneza zimadziwika: chilembo `l` chimafanana ndi nambala `1`, chilembo `o` ndi nambala `0`, ndipo `rn` amaoneka ngati `m` pa zilembo zing'onozing'ono. Kamzere kapansi, `_`, Gmail siikalola n'komwe. Outlook imakalola, koma n'kovuta kukafotokoza pafoni ndipo kamabisika adiresi ikadulidwa mzere kunsi. Kumbukirani kuti mafomu ena mudzalemba pamanja, wina n'kukopera mu kompyuta. Chilembo chimodzi chikalakwika, kalata yokuitanani ku mayeso a ntchito idzabwerera kapena kupita kwa munthu wina, inu osadziwa kanthu.

Mukatsegula, konzani dzina looneka kwa wolandira, lomwe ndi losiyana ndi adiresi. Lembani "Tadala Mwale" monga pachiphaso, kenako dzitumizireni imelo ku adiresi yanu yakale kuti muone momwe ikufikira, kuphatikizapo chithunzi.

Chotsala ndi kuisunga. Ikani nambala ya foni ndi imelo ina zobwezeretsera akaunti mukaiwala pasiwedi, ndipo mukasintha nambala musinthenso mmenemo tsiku lomwelo. Google imatha kufufuta akaunti yomwe yatha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito, ndipo dzina la Gmail likafufutidwa silipatsidwanso kwa aliyense, ngakhale kwa inu mwini. Choncho ilowetseni mu foni yanu pamodzi ndi yakale ija, muziitsegula ngakhale miyezi yomwe simukufunsira ntchito.