Momwe mungapezere utali wa mzere wokhota wa y = f(x), ndi kudziwiratu ngati sikweya ruti ichoke

Mzere wokhota ukaperekedwa ngati y = f(x), ndipo mukufuna utali wake kuyambira pa x = a kukafika pa x = b, fomyula yogwiritsa ntchito ndi iyi:

```
L = ∫[a,b] √(1 + (f'(x))²) dx
```

Fomyulayi imachokera pa lamulo la Pythagoras. Kachigawo kakang'ono kwambiri ka mzerewo kamakhala ngati kowongoka, kamayenda dx chopingasa ndi dy chokwera, choncho utali wake ndi √(dx² + dy²), ndipo mukatulutsa dx panja mumatsala ndi zomwe zili pamwambazi. Chofunika ndi chakuti derivativu f'(x) ikhalepo ndipo isaduke paliponse pakati pa a ndi b. Kuloweza fomyulayi sikuvuta. Povuta ndi pa sikweya ruti, chifukwa mafankishoni ambiri amapereka integalo yosatheka kuimaliza ndi cholembera, ndipo mafunso omwe amatheka amakhala oti wolemba funso anachita kuwakonza dala kuti ruti ichoke. Mukadziwa momwe anawakonzera, mumaona yankho likubwera musanalembe mzere wachitatu.

Tiyeni titenge funso limodzi ndi kulitsata mpaka kumapeto. Mzere wake ndi y = x³/6 + 1/(2x), kuyambira pa x = 1 kukafika pa x = 2.

Choyamba pezani derivativu, ndipo muisiye ili zigawo ziwiri, musaiphatikize kukhala fulakishoni imodzi:

```
f'(x) = x²/2 − 1/(2x²)
```

Anthu ambiri amathamangira kuika zonse pansi pa dinomineta imodzi poganiza kuti akukonza ntchito, koma potero amabisa chinthu chomwe akufunika kuchiona. Tchulani chigawo choyamba A ndi chachiwiri B, kotero kuti A = x²/2 ndi B = 1/(2x²), kenaka muchulukitse A ndi B musanachite china chilichonse. Pano x² ya pamwamba imafafanizana ndi x² ya pansi, ndipo mumatsala ndi AB = 1/4. Nambala imeneyi ndiyo imakuuzani kuti funsoli litheka bwinobwino.

Chifukwa chake ndi ichi. Mukachita sikweya ya A − B mumapeza A² − 2AB + B², ndipo ngati AB ndi 1/4, chigawo chapakaticho ndi −1/2. Fomyula ya utali imawonjezerapo 1, ndiye −1/2 kuphatikiza 1 imasanduka +1/2, yomwe ndi +2AB. Zigawo za kumbali sizinasinthe, chasintha ndi chizindikiro cha pakati chokha, ndipo zonse pamodzi zakhala sikweya ya A + B. Pa funso lathu zimaoneka chonchi:

```
(f')²     = x⁴/4 − 1/2 + 1/(4x⁴)
1 + (f')² = x⁴/4 + 1/2 + 1/(4x⁴)
          = (x²/2 + 1/(2x²))²
```

Apa ndi pomwe muyenera kudekha, chifukwa zolakwika zambiri za mafunso a mtunduwu zimachitikira pa mizere itatu imeneyi ndi pa wotsatira wake.

Cholakwika choyamba ndi kubweza chizindikiro chochotsera. Munthu amaona kuti zotsatira zikufanana kwambiri ndi derivativu yomwe anayamba nayo, dzanja limangolemba x²/2 − 1/(2x²) panja pa ruti, ndipo akachita integalo amabwerera ku fankishoni yoyamba ija. Zomwe wapezazo ndi f(2) − f(1), kutanthauza kukwera kwa mzere, osati utali wake. Pa funso lathu f(1) = 2/3 ndipo f(2) = 19/12, choncho yankho lolakwikalo limatuluka 11/12. Nambalayi ndi yochepera 1, pomwe mtunda wopingasa wokha kuchoka pa x = 1 kufika pa x = 2 ndi 1, ndipo palibe mzere womwe ungadutse mtunda umenewo uli wofupikira pamenepo.

Cholakwika chachiwiri ndi kukakamiza ruti kuti ichoke pomwe AB si 1/4. Sinthani funso pang'ono chabe, likhale y = x³/6 + 1/x. Derivativu ndi x²/2 − 1/x², AB yakhala 1/2, chigawo chapakati ndi −1, ndipo mukawonjezera 1 chimatheratu, n'kutsala x⁴/4 + 1/x⁴ pansi pa ruti. Zimaoneka zaudongo moti mtima umafuna kulemba kuti ruti yake ndi x²/2 + 1/x², koma ruti ya A² + B² si A + B. Ikani x = 1 muone: pansi pa ruti pali 1.25, ruti yake ndi pafupifupi 1.118, pomwe 1/2 + 1 ndi 1.5. Mukapatsidwa funso lotere n'kupeza kuti AB yatuluka 1/2 kapena 1, yambani mwabwerera kukaona ngati munakopera bwino manambala, kenaka muone derivativu, makamaka ya 1/(2x), yomwe ndi −1/(2x²). Mapepala a mafunso ndi mayankho omwe amazungulira pa intaneti popanda dzina la mwini wake nthawi zina amataya 2 wa pansiyo pokopera, koma yankho la kumapeto n'kulisiya la funso loyambirira, ndiye wophunzira amavutika kufunafuna njira yofikira pa nambala yomwe funso lolembedwalo silingapereke.

Cholakwika chachitatu ndi chobisika kuposa ziwirizo. Ruti ya u² si u nthawi zonse, koma ndi |u|, ndiko kuti kukula kwa u popanda chizindikiro. Pa funso lathu palibe vuto, poti x²/2 + 1/(2x²) imakhala pozitivu pa x iliyonse yomwe si 0. Koma tengani y = x²/4 − (1/2)ln|x|, yomwe derivativu yake ndi x/2 − 1/(2x). AB ndi 1/4 ndithu, ndipo ruti imachoka n'kusiya |x/2 + 1/(2x)|. Kuyambira pa x = 1 kufika pa x = e zonse ndi pozitivu, ndipo utali ndi (e² + 1)/4, pafupifupi 2.097. Mukapatsidwa kuyambira pa x = −e kufika pa x = −1, zomwe zili m'kati mwa timizere tiwirito ndi negativu, ndipo mukangochotsa timizereto osasintha chizindikiro mupeza −2.097. Utali sukhala negativu. Mzerewu mbali ya kumanzere ndi chimodzimodzi ndi mbali ya kumanja, choncho yankho liyenera kukhala 2.097 yomweyo. Chizolowezi chabwino ndi kulemba timizereto nthawi iliyonse mukachotsa ruti, kenaka kulemba chiganizo chimodzi chonena ngati zam'katimo ndi pozitivu kapena negativu pakati pa a ndi b. Onaninso kuti x = 0 isapezeke pakati pa malire, chifukwa pamenepo mafankishoni onse awiriwa amathawira kutali kopanda malire ndipo fomyula sigwira ntchito.

Ruti ikachoka bwino, zotsala ndi integalo wamba:

```
L = ∫[1,2] (x²/2 + 1/(2x²)) dx
  = [x³/6 − 1/(2x)] , x = 1 → 2
  = 13/12 − (−1/3)
  = 17/12
```

Yankho ndi 17/12, pafupifupi 1.417. Musanalivomereze, liyerekezeni ndi mzere wowongoka wolumikiza nsonga ziwirizo, chifukwa mzere wokhota sungafupike kuposa umenewo. Chopingasa ndi 1, chokwera ndi 11/12, choncho wowongokawo ndi √265/12, pafupifupi 1.357. Yankho lathu lapitirira pang'ono, monga momwe ziyenera kukhalira pa mzere wosakhota kwambiri. Kuyesa kumeneku kumatenga mphindi imodzi, ndipo kumagwira cholakwika choyamba ndi chachitatu pompopompo. Kwa ine ndi kodalirika kuposa kubwereza masamu onse kachiwiri, chifukwa munthu akabwereza amakonda kudutsanso njira yomweyo yomwe analakwira. Sipafunikanso kakyuleta yodula yojambula magirafu, iliyonse yokhala ndi batani la ruti ndi yokwanira.

Pali mitundu inanso itatu ya mafunso pomwe ruti imachoka kapena kufewa, ndipo njira yake ndi yomweyo. Mukaona y = ln(cos x), derivativu ndi −tan x, ndipo 1 + tan²x = sec²x, choncho ruti imasiya |sec x|. Kuyambira pa 0 kufika pa π/3, sec x ndi pozitivu, integalo yake ndi ln|sec x + tan x|, ndipo utali ndi ln(2 + √3), pafupifupi 1.317, pomwe mzere wowongoka ndi pafupifupi 1.256. Kakyuleta ikhale pa marediyani. Ikakhala pa madigiri imawerenga π/3 ngati digiri imodzi ndi pang'ono, ndipo manambala onse amasokonekera popanda chenjezo lililonse. Mukaona y = cosh x, yomwe ndi maonekedwe a tcheni cholendewera pakati pa mizati iwiri, 1 + sinh²x = cosh²x, ndipo poti cosh x ndi pozitivu nthawi zonse, utali ndi sinh b − sinh a basi. Kunena zoona uwu ndi mtundu wa AB = 1/4 uja womwewo, chifukwa sinh x ndi eˣ/2 − e⁻ˣ/2, ndipo mukachulukitsa zigawo ziwirizi mupeza 1/4.

Mtundu wachitatu ndi y = x^(3/2). Pano ruti sichoka, koma zotsala pansi pake ndi 1 + 9x/4, ndipo mukaika u = 1 + 9x/4 integalo imatha mosavuta. Kuyambira pa 0 kufika pa 4 utali ndi (8/27)(10√10 − 1), pafupifupi 9.073, pomwe wowongoka ndi √80, pafupifupi 8.944. Mzere umenewu William Neile anaupezera utali mu 1657, Newton ndi Leibniz asanakhazikitse kakyulasi.

Mafankishoni ooneka osavuta ndi omwe amakana. Wa y = x² umapereka √(1 + 4x²), womwe umatheka koma mukaika 2x = tan θ kapena 2x = sinh t, ndipo kuyambira pa 0 kufika pa 1 yankho ndi √5/2 + (1/4)ln(2 + √5), pafupifupi 1.479. Wa y = x³ ndi wa y = sin x samatheka konse ndi mafankishoni wamba, chifukwa amagwera m'gulu la maintegalo a eliputiki. Pamenepo lembani integalo molondola pamodzi ndi malire ake, kenaka mugwiritse ntchito lamulo la Simpson kapena kakyuleta kuti mupeze nambala yoyandikira. Kwa sin x kuyambira pa 0 kufika pa π nambalayo ndi pafupifupi 3.820.